Chigayo chinagulitsidwa Lachitatu: mmene ophunzira malamulo amayankhira funso la mlandu

Pa mayeso a zamalamulo pamabwera mtundu wina wa funso umene umagwetsa ngakhale ophunzira oloweza kwambiri. Funsolo silifunsa kuti lamulo lakuti limati chiyani. Limangosimba nkhani yopeka, ya anthu amene asemphana pa malonda, pa ngozi kapena pa katundu, ndipo kumapeto limati: langizani uje. Ngati mayeso ndi a maola atatu ndipo mafunso oyankha ndi anayi, wophunzira amakhala ndi mphindi 45 zokha zoti apeze pamene pagona mkangano, akumbuke lamulo loyenera, aliyeze pa zimene zachitika, n'kunena amene angapambane kukhoti.

Njira imene ambiri amaphunzitsidwa poyankha mafunso otere amaitcha IRAC, kutengera zilembo zoyamba za mawu anayi a Chingelezi. Ili ndi magawo anayi: mfundo ya mkangano, lamulo, kuyeza lamulolo pa zochitika, ndi chigamulo. Kuiloweza sikutenga ngakhale mphindi ziwiri, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amaganiza kuti aidziwa pamene sanayambe n'komwe. Kuti tione pamene imavuta, titenge funso limodzi la malamulo a makontirakiti, lofanana ndi amene ophunzira amakumana nawo m'zaka zoyambirira, tiyende nalo mpaka kumapeto.

Lolemba m'mawa, mwini chigayo wina wa ku Lunzu akulembera mayi wina wa bizinesi wa ku Balaka uthenga wa pafoni: "Ndikugulitsani chigayo changa pa K6 miliyoni, ndalama yonse pamanja. Ndikudikirani mpaka Lachisanu 12 koloko masana." Lachiwiri mayiyo akuyankha kuti: "Kodi n'zotheka kulipira kawiri, theka pano, theka kumapeto kwa mwezi?" Bamboyo sakuyankha. Lachitatu akugulitsa chigayocho kwa munthu wina pa K6.5 miliyoni, koma sakuwauza mayi aja. Lachinayi m'mawa mlamu wa mayiyo akuwauza kuti wamva kwa kondakitala wa minibasi kuti "chigayo cha ku Lunzu chija akuti chapita." Tsiku lomwelo 2 koloko masana mayiyo akutumiza uthenga wakuti: "Ndavomera, K6 miliyoni ilipo." Uthengawo ukufika pafoni ya bamboyo nthawi yomweyo, koma iwo akuuwerenga Loweruka. Langizani mayi a ku Balaka.

Munthu wamba akamva nkhaniyi amagamula msanga: bamboyo analonjeza kudikira mpaka Lachisanu, ndiye walakwa. Wophunzira amene angalembe zimenezi wagwa kale m'mbuna yoyamba imene wolemba funso anakumba.

Mfundo sizikhala imodzi

Gawo loyamba ndi kupeza mfundo za mkangano, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya malikisi asanalembe chiganizo chachiwiri. Amalemba kuti "mfundo ndi yakuti kodi panali kontirakiti?" Zoona, koma funso limenelo ndi lalikulu kwambiri moti palibe lamulo limodzi loliyankha. Liyenera kuduladula. Wolemba funso la mayeso sataya mawu pachabe. Tsiku lililonse, ola lililonse, ngakhale kondakitala uja, anaziika ndi cholinga. Choncho wophunzira wochenjera amawerenga kawiri, ulendo wachiwiri ali ndi cholembera m'manja, n'kulemba masiku onse motsatana m'mphepete mwa pepala, ndipo pa chochitika chilichonse amadzifunsa kuti: ichi achiikiranji?

Akatero apeza mfundo zisanu. Kodi uthenga wa Lolemba unali kutsatsa kotsimikiza kumene munthu angakuvomere n'kumanga mgwirizano? Kodi lonjezo lodikira mpaka Lachisanu linkam'manga bamboyo? Kodi uthenga wa Lachiwiri unali kunenerera kumene kumapha kutsatsa koyamba, kapena kungofunsa? Kodi kutsatsako kunali kutabwezedwa mayiyo asanavomere? Nanga kuvomera kunagwira ntchito liti, Lachinayi pamene uthenga unafika, kapena Loweruka pamene unawerengedwa?

Mfundo iliyonse imafuna IRAC yakeyake. Wophunzira amene amalemba mfundo zonse zisanu pamwamba, kenako malamulo onse pamodzi masamba awiri, kenako n'kuyamba kukamba za chigayo, amapatsa wochonga ntchito yolumikiza yekha lamulo ndi chochitika chake, ndipo ntchito imeneyo ndi imene amafuna kuona ngati wophunzirayo angaithe.

Komanso mfundo zisanuzi si zolemera mofanana. Yoyamba imatha m'ziganizo zitatu: uthenga wa Lolemba unatchula katundu, mtengo ndi kalipiridwe, unalembedwa kwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo mawu akuti "ndikugulitsani" akusonyeza munthu wokonzeka kumangidwa akavomerezedwa. Kunali kutsatsa kotsimikiza. Kuthera tsamba lonse pamenepa n'kuba nthawi ya mfundo zovuta.

Lamulo limachokera kuti

Mfundo yachiwiri ikutifikitsa ku gawo la lamulo. Malamulo ambiri a makontirakiti amene ophunzira a ku Malawi ndi ku Zambia amawerenga sanalembedwe ndi nyumba ya malamulo. Anachokera m'zigamulo za oweruza a ku Mangalande. Ku Malawi malamulo amenewa analowa ndi lamulo la atsamunda la 1902, ndipo gawo 200 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 linawasiya kuti apitirize kugwira ntchito bola ngati sakutsutsana ndi malamulo oyendetsera dzikowo. N'chifukwa chake wophunzira wa ku Zomba amatchula milandu ya ku London ya zaka za m'ma 1800. Kaphunzitsidwe kowerenga milandu yeniyeni m'malo moloweza ndemanga za aphunzitsi kanatchuka ku yunivesite ya Harvard ku Amereka kuyambira 1870, pansi pa Christopher Columbus Langdell, amene buku lake loyamba la milandu, la 1871, linali la makontirakiti omwewa.

Pa lonjezo lodikira, lamulo lake ndi lodabwitsa kwa ambiri. Lonjezo lopanda chobwezera silimanga munthu kukhoti. Ngati wogula sanapereke kanthu, ngakhale kandalama kochepa kogulira nthawi yodikirayo, wogulitsa angabweze kutsatsa kwake nthawi iliyonse wogula asanavomere. Zinagamulidwa choncho pa mlandu wa Routledge ndi Grant mu 1828, pamene munthu anapereka masabata asanu ndi limodzi koma n'kusintha maganizo nthawiyo isanathe. Mayi a ku Balaka sanapereke kanthu kuti adikiridwe, choncho Lachisanu silinali chingwe pakhosi pa mwini chigayo. Linangosonyeza tsiku limene kutsatsako kukafa kokha ngati palibe wachitapo kanthu.

Taonani kutalika kwa lamulolo: ziganizo ziwiri ndi dzina la mlandu. Zakwana. Wophunzira safunika kusimba mbiri yonse ya mlandu uliwonse, kupatula pamene zochitika zake zikufunika poyerekeza ndi za m'funso. Ndipo akaiwala dzina la mlandu koma lamulo akulikumbuka bwino, ndi bwino kulemba lamulolo kusiyana ndi kupeka dzina, chifukwa wochonga amaidziwa milanduyi ngati mayina a ana ake.

Chinthu china chofunika kusamala ndi dziko limene funso likunena. Chigayo chomwechi chikanakhala ku Tete, yankho la mfundoyi likanatembenuka, chifukwa ku Mozambique amatsata buku la malamulo lochokera ku Portugal la 1966, limene limati kutsatsa kukafika kwa wotsatsidwa sikubwezedwa, pokhapokha wotsatsayo atanena kale kuti angakubweze. Ku South Africa nakonso makhoti anakana kalekale, pa mlandu wa Conradie ndi Rossouw mu 1919, mfundo yakuti lonjezo limafunika chobwezera. Magawo anayi a njirayi ndi omwewo kulikonse, koma zoika m'gawo lachiwiri zimasintha ukawoloka malire.

Pamene pali malikisi

Tsopano tafika pa gawo lachitatu, kuyeza lamulo pa zochitika. M'kuona kwanga, gawo ili ndilo mayeso enieniwo. Enawo amangolikonzera njira. Wophunzira amene amakhuthula malamulo onse amene akuwadziwa n'kudumphira ku chigamulo ali ngati telala amene wayala nsalu yokongola pamaso pa kasitomala koma osamuyeza thupi.

Titenge uthenga wa Lachiwiri. Pali milandu iwiri imene ikukokera mbali zosiyana. Woyamba ndi wa Hyde ndi Wrench wa 1840. Wrench anatsatsa famu yake pa mapaundi 1,000. Hyde anayankha kuti apereka 950. Wrench atakana, Hyde anabwerera n'kunena kuti chabwino, wavomera 1,000 uja. Khoti linati ayi: pamene Hyde anatchula mtengo wake, anakana mtengo woyamba, ndipo sakanatha kuuukitsa yekha. Kunenerera kumapha kutsatsa.

Wachiwiri ndi wa Stevenson ndi McLean wa 1880. McLean anatsatsa chitsulo pa mashileni 40 pa tani, kulipira pamanja, n'kunena kuti adikira mpaka Lolemba. Lolemba m'mawa Stevenson anatumiza telegalamu yofunsa ngati McLean angalole mtengo womwewo koma katunduyo azitengedwa pa miyezi iwiri, ndipo ngati sangalole, nthawi yaitali imene angapereke ndi iti. McLean sanayankhe. Anagulitsa kwa wina, ndipo pa 1:25 masana anatumiza telegalamu yomudziwitsa Stevenson. Telegalamuyo isanafike, pa 1:34, Stevenson anatumiza yake yovomera. Woweruza Lush anati uthenga wa m'mawa uja unali funso chabe, osati kukana, choncho kutsatsa kunali kudakali moyo ndipo mgwirizano unamangika.

Wophunzira wofooka amalemba milandu iwiriyi bwinobwino, kenako n'kumaliza kuti: "Choncho uthenga wa mayiyo unali funso chabe." Palibe cholakwika m'chiganizocho, koma mulibenso ntchito. Sanasonyeze chifukwa chake nkhani ya chigayo ikufanana ndi ya chitsulo osati ya famu.

Wophunzira wabwino amalemba motere: "Mwini chigayo anganene kuti mawu akuti 'ndalama yonse pamanja' anali mbali yaikulu ya zimene anatsatsa, ndipo kulipira kawiri n'kusintha mbali imeneyo, monga Hyde anasinthira mtengo. Koma mayiyu sanatchule mtengo wina, ndipo sananene kuti sagula pokhapokha atalipira kawiri. Anayamba ndi mawu akuti 'kodi n'zotheka,' amene munthu woganiza bwino angawamve ngati kufufuza ngati pali mpata, osati kukana. Pa mlandu wa Stevenson nawonso malonda anali olipira pamanja, ndipo wogula anafunsa za nthawi osakhudza mtengo. Choncho n'zoonekeratu kuti khoti lingatsate mlandu wa Stevenson."

Kusiyana kwa ndime ziwirizi kukuoneka ndi maso. Yachiwiri yatenga mawu enieni a m'funso n'kuwagwiritsa ntchito. Yayamba ndi mfundo ya mdani, n'kuipatsa mphamvu yake yonse isanaigwetse. Yanena chimene chikufanana ndi chimene chikusiyana pakati pa mlandu wakale ndi watsopano. Njira yosavuta yodziyesera ndi iyi: phimbani ndi dzanja mayina a anthu m'ndime yanu. Ngati ndimeyo ingathe kulowa m'yankho la funso lina lililonse la makontirakiti osasintha kanthu, ndiye kuti mwangobwereza lamulo, simunaliyeze. Njira ina ndi kuwerenga kuti mawu akuti "chifukwa" mwawalemba kangati, ndipo pambuyo pake pakubwera chochitika cha m'funso kapena lamulo lina.

Mawu ochepa okha akanasintha zonse. Mayiyo akanalemba kuti "Ndilipira theka pano, theka kumapeto kwa mwezi, mukafuna tengani," bwenzi tili kwa Hyde, kutsatsa kutafa Lachiwiri, ndipo za kondakitala ndi za Loweruka zikanakhala zopanda ntchito. Apa pali msampha wina. Wophunzira amene wagamula kuti mayiyo ananenerera amafuna kuima pomwepo, poti mlandu watha. Asatero. Wolemba funso sanaike Lachinayi ndi Loweruka kuti akongoletse nkhani, ndipo mfundo zimenezo zili ndi malikisi ake. Choyenera n'kulemba kuti "ngati khoti lingaone mosiyana," n'kupitiriza.

Mawu a kondakitala

Mfundo yachinayi ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo ndi pamene ophunzira abwino amasiyana ndi abwino kwambiri. Tanena kuti bamboyo anali ndi ufulu wobweza kutsatsa kwake. Koma kukhala ndi ufulu ndi kuugwiritsa ntchito ndi zinthu ziwiri. Lamulo limati kubweza sikugwira ntchito mpaka wotsatsidwa atadziwa. Pa mlandu wa Byrne ndi Van Tienhoven wa 1880, amalonda a ku Cardiff anatumiza kalata yotsatsa mabokosi 1,000 a malata ku New York pa 1 Okutobala, ndipo pa 8 Okutobala anatumiza ina yobweza. Yoyamba inafika pa 11, ndipo ogula anavomera ndi telegalamu tsiku lomwelo. Yobweza inafika pa 20. Khoti linati mgwirizano unalipo, chifukwa kusintha maganizo kumene mnzako sakukudziwa kuli ngati sikunachitike. Choncho kugulitsa chigayo Lachitatu, pakokha, sikunabweze kanthu. Munthu angathe kudzimanga kwa ogula awiri pa katundu mmodzi, n'kulipira chipepeso kwa amene wamusiya m'malere.

Koma pali mlandu wa Dickinson ndi Dodds wa 1876. Dodds anatsatsa nyumba pa mapaundi 800 Lachitatu, n'kulemba kuti adikira mpaka Lachisanu 9 koloko m'mawa. Lachinayi masana munthu wina dzina lake Berry anauza Dickinson kuti Dodds akugulitsa nyumbayo kwa wina. Dickinson anathamanga. Madzulo anakasiya kalata yovomera kwa apongozi ake a Dodds, ndipo Lachisanu cha m'ma 7 koloko m'mawa anam'peza Dodds pa siteshoni ya sitima ku Darlington n'kum'patsa ina. Khoti la apilo linati anachedwa, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kuti Dodds wasintha maganizo ngakhale sanamve m'kamwa mwake. Pa mlanduwu mabuku amatengapo lamulo lakuti kubweza kungafike kudzera mwa munthu wachitatu, bola akhale wodalirika.

Ndiye funso lenileni likhala lakuti: kodi zimene mayi a ku Balaka anamva Lachinayi m'mawa zinali uthenga wodalirika, kapena mphekesera?

Mwini chigayo ali ndi zonena zamphamvu. Uthengawo unali woona. Unabwera ndi mlamu, munthu wa pabanja amene analibe chifukwa chonamira. Mawu akuti "chija" akusonyeza kuti onse ankadziwa chigayo chimene akunena. Ndipo mayi amene Lachiwiri ankafunsa zolipira kawiri anapeza mwadzidzidzi ndalama yonse patangopita maola ochepa atamva nkhaniyo, zimene zikufanana ndi liwiro la Dickinson: munthu amene wakhulupirira zimene wamva ndipo akufuna kutsekera mnzake pakhomo.

Mayiyo nawo ali ndi zawo. Berry anali munthu wodziwika kwa Dickinson ndipo anatchula zimene Dodds ankachita. Kuno uthenga wadutsa m'makamwa awiri, ndipo gwero lake ndi kondakitala amene funso silikusonyeza kuti ali ndi ubale uliwonse ndi mwini chigayo. Mawu akuti "akuti" ndi a munthu amene naye anangomva. "Chapita" angatanthauze kuti chagulitsidwa, koma angatanthauzenso kuti chafa kapena chasamutsidwa. Kuti uthengawo unapezeka kuti ndi woona pambuyo pake si muyeso. Muyeso ndi wakuti munthu woganiza bwino, ataumva Lachinayi m'mawa, akanautenga ngati chitsimikizo kapena ayi. Ndipo bamboyo anali ndi nambala ya foni ya mayiwa, moti uthenga wa mawu atatu ukanathetsa chikaiko chonse.

Ine ndikadakhala wolemba mayesowa ndikanapendekera kwa mayiyo, koma mosamala, ndipo ndikananena poyera kuti apa ndi pamene mlandu wawo ungagwere. Ndikanawonjezeranso chimene funso silinanene: kodi mlamuyo anafufuza? Kodi kondakitalayo amadutsa pa chigayocho tsiku ndi tsiku? Uthengawo ukanachokera kwa mnyamata wogwira ntchito pa chigayopo amene anaona ndalama zikuwerengedwa, yankho likanapita kwa bamboyo. Kutchula chochitika chosowa ndi kusonyeza mmene chingasinthire yankho kumapatsa malikisi. Kupeka chochitikacho n'kumangapo yankho lonse kumawachotsa.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi. Pa makalata a ku positi, mlandu wa Adams ndi Lindsell wa 1818 unati kuvomera kumagwira ntchito kalata ikangoponyedwa. Koma pa njira zofikitsa uthenga nthawi yomweyo, mlandu wa Entores wa 1955, wokhudza makina a teleksi pakati pa London ndi Amsterdam, unati kuvomera kumagwira ntchito kukafika. Nanga kukafika koma osawerengedwa? Pa mlandu wa sitima ya pamadzi yotchedwa Brimnes, m'zaka za m'ma 1970, khoti linaona kuti uthenga wa teleksi umene wafika mu ofesi nthawi ya ntchito wafika basi, ngakhale eni ake asauwerenge. Uthenga wa mayiyo unafika 2 koloko masana pa tsiku la ntchito, pa foni yomweyo imene bamboyo anatsatsira malonda ake. Amene wasankha yekha kuchita malonda pafoni sangabisale kumbuyo kwa kusaitsegula. Wophunzira wa ku Malawi ayeneranso kukumbuka kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi mauthenga a pa makina amakono, ndipo pamene nyumba ya malamulo yalankhulapo, mawu ake ndiwo amayamba, milandu ya kunja n'kubwera pambuyo. Chimodzimodzinso chigamulo cha Khoti Lalikulu la Apilo la dziko lino chimalemera kuposa cha oweruza a ku London pa mfundo yomweyo.

Chigamulo, ndi zimene njirayi siingathe

Gawo lomaliza limakhala lalifupi, ndipo ophunzira amaliopa kuposa mmene liyenera kuopedwera. Pa mfundo ngati ya kondakitala, ophunzira awiri angagamule mosiyana onse n'kupeza malikisi apamwamba, bola aliyense wasonyeza njira imene wadutsa. Chosaloledwa ndi kukana kugamula. "Zidzadalira khoti" si uphungu. Mayi amene wabwera kwa loya akudziwa kale kuti khoti ndilo lidzagamule. Akufuna kumva kuti mwayi wake ndi wotani. Yankho lathu lingati: panali kutsatsa kotsimikiza, lonjezo la Lachisanu silinkamanga, uthenga wa Lachiwiri sunaphe kutsatsako, n'zotheka ndithu kuti mawu a kondakitala sanakwane kukhala kubweza, ngakhale apa pali chiopsezo, kuvomera kunafika Lachinayi, nthawi isanathe. Choncho mwayi waukulu ndi wakuti mgwirizano unamangika ndipo mwini chigayo anauswa.

Njirayi ili ndi malire ake. Imachita ngati lamulo lakhala kale pa shelefu kudikira wolitenga, pamene nthawi zambiri nkhondo yeniyeni imakhala pa kusankha lamulo, kapena pa kulifukula m'zigamulo zimene oweruza ake sanalankhule ndi mawu amodzi. Pa mlandu wa Brinkibon mu 1982, woweruza Wilberforce anavomereza yekha kuti palibe lamulo limodzi lokwanira mauthenga onse a pa makina, ndipo kuti pafunika kuona cholinga cha eni malonda, mchitidwe wabwino wa bizinesi ndi amene ayenera kusenza chiopsezo. Zikatero gawo la lamulo ndi gawo loyeza zimalowerana, ndipo wophunzira amene akukakamira kuzilekanitsa ndi mzere amalemba zouma. Njirayi siithandizanso pa funso lofuna ndemanga, monga lakuti kodi lamulo la positi lidakali loyenera masiku ano. Pamenepo pafunika mtsutso, osati magawo anayi. Ndipo pa mayeso zochitika zimabwera zophikaphika, zosatsutsidwa. Mu ofesi ya loya, bamboyo akanakana kuti uthengawo unafika, mlamuyo akanasintha mawu, ndipo theka la ntchito likanakhala kupeza umboni.

Pali mfundo yachisanu ndi chimodzi imene sitinaiwerenge poyamba, ndipo ophunzira ambiri amaiiwala chifukwa ilibe tsiku lake m'nkhani. Yabisala m'mawu akuti "langizani." Mayiyo akapambana, apeza chiyani? Chigayo chenichenicho n'chokayikitsa. Makhoti kawirikawiri salamula munthu kupereka katundu amene wina wofanana naye angagulidwe pamsika, ndipo ichi chili kale m'manja mwa wogula wina amene funso silikusonyeza kuti ankadziwa za mayiwa. Chotsala ndi chipepeso cha ndalama, ndipo cholinga chake ndi kuwaika mayiwa pamene akanakhala mgwirizano ukanakwaniritsidwa, osati kulanga bamboyo. Muyeso wake ndi kusiyana kwa mtengo wa mgwirizano ndi mtengo wa pamsika pa nthawi imene katundu anayenera kuperekedwa. Ngati chigayo chofanana nacho chikugulidwa pa K6.8 miliyoni, mayiwa angapeze K800,000. Ngati umboni wokhawo wa mtengo wa pamsika ndi K6.5 miliyoni imene wogula wa Lachitatu analipira, angapeze K500,000. Ndipo ngati chigayo chotere chikupezeka ku Limbe pa K6 miliyoni yomweyo, ndiye kuti sanataye kanthu, khoti lingawapatse kandalama kongosonyeza kuti analakwiridwa, ndipo wophunzira ayenera kuwauza kuti zolipira loya zingapose zimene angapeze.